Sitopu Losi: Kuiika Kuseri kwa Chigwa, Osati pa Nambala Yathunthu

Sitopu losi ndi oda imene wamalonda amasiya kwa buloka wake yakuti malonda atsekedwe okha mtengo ukafika pamalo amene iye wasankha. Pa mapulogalamu ochitira malonda a ndalama zakunja, monga MetaTrader, imalembedwa m'kabokosi ka Stop Loss. Munthu amene wagula yuro poyembekezera kuti ikwera amaika sitopu yake pansi pa mtengo umene wagulira, ndipo amene wagulitsa poyembekezera kuti itsika amaiika pamwamba. Ntchito yake ndi yodula luzi isanakule. Koma oda imeneyi imagwira bwino ntchito pokhapokha ngati ili pamalo oyenera, ndipo malo oyenera ndi amodzi okha: pamene mtengo ukafika, chifukwa chimene munthuyo analowera malondawo chatha.

Anthu ambiri sasankha malo motero. Amayang'ana nambala yosavuta kukumbukira imene ili pafupi, monga 1.1000 kapena 1.0950, n'kuika sitopu pomwepo. Ena amangonena kuti sitopu yawo nthawi zonse ndi mapipi 20 kapena 50 kuchokera pamene alowera. Pipi ndi kagawo kakang'ono koyezera kusuntha kwa mtengo. Pa EUR/USD ndi 0.0001, choncho kuchoka pa 1.1036 kufika pa 1.1000 ndi mapipi 36. Njira ziwiri zonsezi zili ndi vuto limodzi. Nambala imachokera m'mutu mwa munthu, osati pa zimene mtengo wakhala ukuchita.

Chimene chimachitika pa manambala athunthu

Kukonda manambala othera m'maziro si khalidwe la ongoyamba kumene okha. Katswiri wa zachuma Carol Osler, amene ankagwira ntchito ku nthambi ya ku New York ya banki yaikulu ya dziko la America, anafufuza maoda oposa 9,000 amene makasitomala anasiya ku banki ina yaikulu yochita malonda a ndalama zakunja pakati pa 1999 ndi 2000. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2003. Anthu akanakhala kuti amasankha mitengo mosakondera, oda imodzi yokha pa 100 iliyonse ikanakhala pa mtengo wothera ndi 00. Iye anapeza kuti inali pafupifupi imodzi pa khumi.

Anapezanso chinthu china chofunika kwambiri pa nkhani ino. Maoda otolera phindu amaunjikana pa nambala yathunthu penipeni, pomwe masitopu ambiri amaunjikana kuseri kwake pang'ono. Masitopu a anthu amene anagula amakonda kukhala pansi pang'ono pa nambala yathunthu, ndipo a amene anagulitsa amakhala pamwamba pang'ono. Izi zikutanthauza kuti munthu amene wazindikira kuti 1.1000 ndi malo odzaza anthu, n'kusuntha sitopu yake kupita pa 1.0995, sanathawe gululo. Walowa pakati penipeni pake.

Kuunjikana kumeneku kuli ndi zotsatira zake chifukwa cha mmene sitopu imagwirira ntchito. Sitopu ya munthu amene anagula ikakhudzidwa, imasanduka oda yogulitsa nthawi yomweyo pa mtengo uliwonse umene ulipo. Masitopu ambiri akaphulika pamodzi, kugulitsa kumeneko kumakankhira mtengo pansi, mtengowo n'kukhudza masitopu ena amene ali pansipo, iwonso n'kuwonjezera kugulitsa. Mtengo umatsetsereka mofulumira mapipi angapo. Masitopuwo akatha, mphamvu yokankha imathanso, ndipo ngati panalibe chifukwa china chotsitsa mtengo, nthawi zambiri umabwerera. Amalonda akuluakulu amene akufuna kugula ndalama zambiri amadziwa kuti pamalo otere pamapezeka ogulitsa ochuluka pa nthawi imodzi. Sakhala akusaka sitopu ya munthu mmodzi wa akaunti yaing'ono, monga ambiri amadandaulira. Amangopita kumene kuli maoda ambiri, ndipo munthuyo anaika yake kumeneko.

Kapangidwe ka msika

Mtengo suyenda mowongoka. Ukamakwera, umakwera kwa kanthawi, n'kubwerera pang'ono, n'kukweranso. Pamene wakwera n'kutembenuka pamatchedwa nsonga, ndipo pamene watsika n'kutembenuka pamatchedwa chigwa. Msika umanenedwa kuti ukukwera ngati nsonga iliyonse ikuposa yam'mbuyo ndipo chigwa chilichonse chili pamwamba pa cham'mbuyo. Ukamatsika zimakhala mosemphana. Ndondomeko ya nsonga ndi zigwa imeneyi ndiyo kapangidwe ka msika, ndipo kawerengedwe kotere n'kakale. Kamachokera ku maganizo a Charles Dow, mtolankhani wa zachuma wa ku America amene anamwalira mu 1902.

Chigwa chimasiyana ndi nambala yathunthu chifukwa ndi umboni wa chinthu chimene chinachitikadi. Pamalo amenewo ogulitsa analephera kupitiriza kutsitsa mtengo, ndipo ogula anawaposa mphamvu. Munthu wogula mumsika wokwera amakhala akunena kuti zigwa zipitiriza kukwera. Malinga ngati mtengo uli pamwamba pa chigwa chomaliza, mawu akewo sanatsutsidwe, ngakhale mtengo utatsika pang'ono pansi pa pamene iye analowera. Mtengo ukapyola chigwacho n'kupitirira, ndondomeko ya zigwa zokwera yasweka, ndipo palibenso chifukwa chokhalira m'malondamo. Womanga nyumba m'mbali mwa mtsinje sawerenga mapazi 100 kuchokera pamadzi n'kuyamba kukumba maziko. Amayang'ana pamene zinyalala za madzi osefukira zinakodwa m'mitengo, n'kumanga kumtunda kwake.

Chigwa chimazindikirika pa tchati cha makandulo. Kandulo iliyonse imasonyeza nthawi yoikika, monga ola limodzi kapena maola anayi. Thunthu lake limasonyeza mtengo woyambira ndi wotsekera, ndipo michira yake imasonyeza pamene mtengo unafika m'mwamba ndi pansi. Njira yosavuta imene ambiri amatsata ndi yakuti chigwa ndi kandulo imene mchira wake wapansi watsika kuposa michira ya makandulo awiri a kumanzere ndi awiri a kumanja. Choncho chigwa sichidziwika pa nthawi imene chikupangika. Pamafunika kudikira makandulo awiri otsatira kuti atseke. Poyeza chigwa amatenga kumapeto kwa mchira, osati kwa thunthu, popeza sitopu imakhudzidwa ndi mtengo uliwonse umene wafikapo, ngakhale kwa kamphindi.

Chofunikanso ndi chakuti chigwacho chitengedwe pa tchati chomwecho chimene chinapereka chifukwa cholowera. Amene waona kukwera pa tchati cha maola anayi, koma n'kutenga kachigwa ka pa tchati cha mphindi zisanu kuti sitopu ikhale yaifupi, wadzinamiza yekha. Kachigwa kotero kamasweka kangapo pa tsiku popanda kusintha chilichonse pa tchati chachikulucho.

Mpata wa kuseri kwa chigwa

Sitopu siikidwa pa chigwa penipeni. Chigwa chimaoneka kwa aliyense amene ali ndi tchati, choncho pansi pake pang'ono pamaunjikananso masitopu, monga momwe zimakhalira pa manambala athunthu. N'zofala kuona mtengo ukupyola chigwa ndi mapipi asanu kapena asanu ndi atatu, kandulo n'kutsekera pamwamba pake, n'kusiya mchira wautali. Pa chifukwa chimenechi pamasiyidwa mpata, ndipo kukula kwa mpatawo kuyenera kuchokera pa mmene mtengo ukugwedezekera masiku amenewo.

Choyezera chodziwika cha kugwedezeka kumeneku ndi ATR, chimene J. Welles Wilder anafotokoza m'buku lake la mu 1978. Pa kandulo iliyonse chimatenga mtunda wochokera pansi kufika pamwamba, kapena wochokera pamene kandulo yam'mbuyo inatsekera ngati umenewo ndiwo waukulu, kenako n'kupeza avereji, kawirikawiri ya makandulo 14. ATR ikakhala 0.0028 pa tchati cha maola anayi, ndiye kuti kandulo wamba ya maola anayi ikuyenda mapipi pafupifupi 28. Palibe lamulo limodzi la kuchuluka kwa ATR koyenera kuika ngati mpata. Ena amaika kota, ena theka, ena yonse. Theka ndi poyambira pabwino, chifukwa limakwirira michira yambiri yamwadzidzidzi popanda kutalikitsa sitopu mopitirira muyeso. Ubwino wake weniweni ndi wakuti mpata umakula msika ukalusa ndipo umachepa msika ukadekha, zimene nambala yokhazikika ya mapipi 10 singachite.

Chitsanzo chathunthu

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, koma kukula kwake n'kofanana ndi kumene kumaoneka pa EUR/USD. Wamalonda ali ndi akaunti ya madola 3,000 ndipo lamulo lake ndi losaluza zoposa 1 peresenti pa malonda amodzi, omwe ndi madola 30. Pa tchati cha maola anayi, chimene pa MetaTrader chimalembedwa H4, akuona zigwa zitatu zotsatizana: 1.0890, kenako 1.0940, kenako 1.0978. Nsonga zapakati pake ndi 1.1010 ndi 1.1075. Zonse zikukwera. Pambuyo pa chigwa cha 1.0978 makandulo awiri atsekera pamwamba, ndipo iye akugula pa 1.1036. ATR ili pa mapipi 28.

Nambala yathunthu ya 1.1000 ili pomwepo, mapipi 36 pansi pa polowera, ndipo imakopa. Koma tchati chikusonyeza kuti mtengo wadutsa kale pa 1.1000 kangapo: pokwera kupita ku 1.1010, pobwerera ku 1.0940, pokweranso, potsikira ku 1.0978, ndi pochoka kumeneko. Malo amene mtengo wawoloka kasanu popanda kuima sangakhale malire a chilichonse. Ali pakati pa msewu. Kuwonjezera apo, mapipi 36 ndi kuposa pang'ono kuyenda kwa kandulo imodzi wamba, pomwe malondawo akuyembekezeka kutenga masiku angapo, kutanthauza makandulo makumi awiri kapena kuposerapo. Mtengo ukhoza kufika pa 1.1000 kapangidwe ka msika kali chilili.

Sitopu yotsata kapangidwe imawerengedwa motere. Chigwa chomaliza ndi 1.0978. Theka la ATR ndi mapipi 14. Kuchotsa mapipi 14 pa 1.0978 kumapereka 1.0964. Kenako pamakhala kuona ngati nambalayi yagwera pafupi ndi nambala yathunthu, 1.0964 ili mapipi 36 pansi pa 1.1000 ndi mapipi 14 pamwamba pa 1.0950, choncho ili kutali ndi magulu onse awiri. Mtunda wochokera pa 1.1036 kufika pa 1.0964 ndi mapipi 72, kuwirikiza kawiri mtunda wa sitopu yoyamba ija.

Apa ndi pamene anthu ambiri amabwerera m'mbuyo, poganiza kuti sitopu yotalika kawiri ndi luzi yowirikiza kawiri. Zingakhale choncho ngati kukula kwa malonda sikusintha. Koma ndondomeko yoyenera imayamba ndi malo a sitopu, kenako kukula kwa malonda n'kumawerengedwa kuchokera pamenepo. Pa EUR/USD loti imodzi yathunthu ndi mayuro 100,000, ndipo pipi iliyonse pa loti imeneyo ndi madola 10. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
loti = ndalama / (mapipi x 10)
30 / (72 x 10) = 0.0416
30 / (36 x 10) = 0.0833
```

Popeza mabuloka ambiri amalola kusintha kukula ndi 0.01, yankho limadulidwira pansi, osati m'mwamba. Sitopu ya mapipi 72 imapereka loti 0.04, pamene pipi iliyonse ndi masenti 40, ndipo luzi yake ndi madola 28.80. Sitopu ya mapipi 36 imapereka loti 0.08, pamene pipi iliyonse ndi masenti 80, ndipo luzi yake ndi madola 28.80 omwewo. Ndalama zoikidwa pachiswe n'zofanana ndendende. Chasintha ndi malo okha amene luziyo ingachitikire: wina amaluza mtengo ukangodutsa pamalo amene umadutsa nthawi zonse, wina amaluza kapangidwe kakasweka.

Chotsatira ndi kuona ngati malondawo akuyenera kulowedwa n'komwe. Nsonga yapafupi ya 1.1075 ili mapipi 39 okha pamwamba pa polowera. Ngati cholinga n'kutolera phindu pamenepo, ndiye kuti munthu akuika mapipi 72 pachiswe kuti apeze 39, ndipo malonda otere ndi ongowasiya. Koma ganizo la wamalondayu ndi lakuti nsongayo ipyoledwa, monga inapyoledwera ya 1.1010. Pa tchati cha tsiku ndi tsiku pali nsonga yakale pa 1.1190, choncho akuika Take Profit pansi pake pang'ono, pa 1.1180. Amenewo ndi mapipi 144, kuwirikiza kawiri mtunda wa sitopu, ndipo pa loti 0.04 ndi phindu la madola 57.60.

Kuchokera apa mtengo ukhoza kuyenda m'njira zingapo. Ukhoza kukwera osabwereranso, ndipo pamenepo masitopu onse awiri amapulumuka. Ukhoza kutsika tsiku lotsatira, kukhudza 1.1000, kutsetsereka mpaka 1.0988 pamene masitopu a pansi pa nambala yathunthu akuphulika, n'kutembenuka. Wa sitopu ya 1.1000 waluza madola 28.80 ndipo akuonerera mtengo ukukwera iye ali kunja, pomwe kwa mnzake chigwa cha 1.0988 chili pamwamba pa 1.0978 ndipo changotsimikizira kukwera. Ukhozanso kupyola chigwa chakale mpaka 1.0971 n'kubwerera kandulo isanatseke. Apa chimene chapulumutsa malonda ndi mpata wa mapipi 14 uja. Kapena ukhoza kutsika ndithu, kudutsa 1.0964 n'kupitirira. Pamenepo onse awiri aluza ndalama zofanana, ndipo sitopu yotsata kapangidwe yagwira ntchito yake molondola, popeza ganizo lolowera linali lolakwika.

Mtengo wa sitopu yotalika

Njira imeneyi si yaulere, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kusocheretsa owerenga. Mtengo ukafika pa 1.1180 usanakhudze 1.1000, wa loti 0.08 amapeza madola 115.20, kuwirikiza kawiri phindu la mnzake. Sitopu yaifupi imaluza kawirikawiri koma ikapambana imalipira zambiri. Funso ndi lakuti imaluza kawirikawiri bwanji.

Yankho limaoneka powerengera malonda 20 ofanana ndi amenewa. Ngati wa sitopu yotalika wapambana 10 n'kuluza 10, wapeza madola 576 n'kutaya 288, ndipo watsala ndi 288. Kuti wa sitopu yaifupi afike pa 288 yomweyo, ayenera kupambana malonda 6: amenewo amabweretsa madola 691.20, ndipo 14 oluza amatenga 403.20. Choncho pa malonda 10 amene pamapeto pake anafika pa cholinga, sitopu yaifupi ikhoza kutulutsidwa msanga pa anayi n'kukhalabe yofanana ndi inzake. Ikatulutsidwa pa asanu kapena kuposerapo, ili pambuyo. Sitopu imene yakhala pakati pa msewu wa mtengo, pamalo ounjikana maoda, mtunda wa kandulo imodzi yokha kuchokera polowera, ili ndi mwayi waukulu wopyola malire amenewo. Koma chiweruzo chenicheni chimachokera m'kaundula wa malonda a munthu mwini. Pa malonda aliwonse amalemba pamene mtengo unatsikira kwambiri usanatembenuke, ndi ngati unadzafika pa cholinga sitopu itakhudzidwa kale. Ngati ambiri mwa malonda oluza anadzafika pa cholinga kapangidwe kasanasweke, sitopu ikukhala pafupi kwambiri. Ngati malonda opambana safika n'komwe pa theka la mtunda wa sitopu, mpata ukukula mopitirira ndipo ukudya phindu pachabe.

Pali njira yofupikitsa sitopu popanda kuichotsa pamalo ake, ndiyo kulowa pafupi ndi chigwa. M'chitsanzochi, oda ya Buy Limit pa 1.1006 ikanasiya mtunda wa mapipi 42 okha kufika pa 1.0964, ndipo loti ikanakhala 0.07. Kuipa kwake n'kwakuti mtengo mwina sungabwerere kufika pamenepo, malondawo n'kupita opanda munthuyo. Chimene sichiloledwa ndi kukokera sitopu pafupi ndi polowera n'cholinga chakuti loti ikule. Ndipo ngati akaunti ndi yaing'ono kwambiri moti ngakhale loti 0.01 ikupyola malire a 1 peresenti, monga akaunti ya madola 300 pa sitopu ya mapipi 72, pamene luzi ingakhale madola 7.20 m'malo mwa 3, yankho loona ndi lakuti malonda amenewo si a akaunti imeneyo.

Chigwa chikayandikana ndi nambala yathunthu

Nthawi zina kuwerengera kumaponya sitopu pamalo omwe aja oyenera kupewedwa. Chigwa chikakhala pa 1.1016 ndipo mpata ndi mapipi 14, yankho ndi 1.1002, pamwamba penipeni pa 1.1000. Mtengo ukayandikira chotere, kawirikawiri umakafika pa nambala yathunthuyo n'kuipyola pang'ono. Apa sitopu imasunthidwa kupita kuseri kwa nambalayo ndi kwa gulu la masitopu limene lili pansi pake, mwachitsanzo pa 1.0984, ndipo loti imawerengedwanso potengera mtunda watsopanowo. Kusuntha kotere kumachitika malonda asanalowedwe, ndipo nthawi zonse kumapita kutali ndi polowera. Manambala othera ndi 50 amakokanso maoda, ngakhale mocheperapo, ndipo ayenera kuyang'aniridwa chimodzimodzi.

Kwa wogulitsa zonse zimatembenuka, sitopu n'kukhala pamwamba pa nsonga yomaliza, koma pali kanthu kamodzi kowonjezera. Msika uli ndi mitengo iwiri pa nthawi imodzi: Bid, umene munthu amagulitsira, ndi Ask, umene amagulira, ndipo kusiyana kwake ndi sipuredi. Matchati a MetaTrader kawirikawiri amajambulidwa ndi Bid. Malonda ogula amatsekedwa pa Bid, choncho zimene zili pa tchati ndi zimene sitopu ikuona. Malonda ogulitsa amatsekedwa pa Ask, umene uli pamwamba pa zimene tchati chikusonyeza. N'chifukwa chake wogulitsa amatha kupeza sitopu yake itakhudzidwa pomwe mchira wa kandulo sunafikepo. Ngati nsonga ili pa 1.1140, mpata ndi mapipi 14 ndipo sipuredi ndi mapipi awiri, sitopu imakhala pa 1.1156. Sipuredi imakula kwambiri cha m'ma 5 koloko madzulo nthawi ya ku New York, pamene tsiku la malonda limatha, yomwe ndi 11 koloko usiku kapena 12 koloko usiku ku Malawi ndi ku Zambia malinga ndi nyengo ya chaka. Amene amasiya malonda usiku wonse ayenera kuona mmene sipuredi ya buloka wake imakulira pa ola limenelo n'kuiwerengera mu mpata.

Kusuntha sitopu malonda ali mkati

Kapangidwe komweko ndi kamene kamalamula nthawi yosuntha sitopu. M'chitsanzo chija, ngati mtengo wapyola 1.1075, wafika pa 1.1120, wabwerera pa 1.1062 n'kuyambanso kukwera, chigwa chatsopano ndi 1.1062. Makandulo awiri akachitsimikiza, sitopu ikhoza kuchoka pa 1.0964. Kuchotsa mapipi 14 kumapereka 1.1048, imene ili pansi penipeni pa 1.1050, choncho imatsitsidwa pang'ono kufika pa 1.1042. Pamenepo malonda sangaluzenso pa kayendedwe wamba ka msika, popeza sitopu ili mapipi 6 pamwamba pa polowera.

Chizolowezi chothamangira kuika sitopu pa mtengo wolowera phindu likangooneka chili ndi vuto lofanana ndi la nambala yathunthu. Mtengo wa 1.1036 uli ndi tanthauzo kwa amene analowera pamenepo yekha, msika suudziwa. Mtengo wokwera umabwerera kawirikawiri kudutsa malo otero usanapange chigwa chatsopano. Komanso sitopu imasunthira mbali imodzi yokha, ya phindu. Kuitalikitsa mtengo ukamayandikira kumasandutsa luzi yowerengedwa ya madola 28.80 kukhala luzi yopanda malire odziwika, ndipo kumaphwanya chifukwa chonse chimene loti inawerengedwera.

Pamene malo abwino sathandiza

Sitopu imatsimikizira kuti malonda adzatsekedwa, koma sitsimikizira mtengo wotsekera. Ikakhudzidwa imatenga mtengo woyamba umene ulipo, ndipo msika ukathamanga mtengowo umakhala woipirapo. Izi zimachitika pa nthawi ya nkhani zikuluzikulu, monga lipoti la ntchito la ku America limene kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, kapena banki yaikulu ikamalengeza chiwongola dzanja. Zimachitikanso msika ukamatsegula pambuyo pa mapeto a sabata, pamene mtengo ukhoza kuyambira kutali ndi pamene unatsekera Lachisanu. Ngati m'chitsanzo chija msika watsegulira pa 1.0930, sitopu ya 1.0964 imatsekedwa pa 1.0930, ndipo luzi imakhala mapipi 106, omwe ndi madola 42.40. Wa loti 0.08, ngati anali adakali m'malondamo, amaluza madola 84.80 pa kudumpha komweko. Apa pakuoneka ubwino wina wa sitopu yotalika yokhala ndi loti yaing'ono: mtengo ukadumpha masitopu onse awiri, kukula kwa luzi kumatsata loti, osati malo a sitopu.

Chitsanzo choopsa kwambiri cha kudumpha kotere chinachitika pa 15 Januwale 2015. Kuyambira mu Seputembala 2011 banki yaikulu ya dziko la Switzerland inkaletsa yuro kutsika pansi pa mafulanki 1.20, ndipo anthu ambiri anagula EUR/CHF n'kuika masitopu awo pansi pang'ono pa 1.2000. Malire amenewo anali nambala yathunthu komanso ankaoneka ngati chigwa cholimba kuposa china chilichonse, popeza ankatetezedwa ndi banki yaikulu. Bankiyo italengeza mwadzidzidzi kuti yasiya kuwateteza, ogula anasowa, ndipo m'mphindi zochepa mtengo unagwa kupitirira 1.00. Masitopu ambiri anatsekedwa mapipi mazana, ena oposa chikwi, kutali ndi pamene anaikidwa. Maakaunti ena anatsala ndi ngongole, ndipo mabuloka ena anagwa. Chigwa chimene chaima chifukwa cha chigamulo cha bungwe limodzi n'chosiyana ndi chimene chapangidwa ndi ogula ambiri, popeza chigamulocho chikasintha palibe wotsala woti agule pansi pake. Pa malonda a ndalama zimene mtengo wake ukugwiridwa ndi banki yaikulu motere, mtunda wa sitopu suyenera kugwiritsidwa ntchito powerengera loti. Loti iyenera kuchepetsedwa mpaka pamene kudumpha kwa mapipi mazana angapo sikungathetse akaunti, kapena malondawo asalowedwe.